Chithunzi Chimene Chinapha a Dalton

Lachinayi Jenifer anadzuka ndi chimwemwe chosalola munthu kukhala pansi. Loweruka amatsegula shopu yake ya zovala ku Limbe, shopu yeniyeni ya chitseko cha galasi, osati zija zosokera kuchipinda ku Kanjedza n'kumakaperekera madiresi pa siteji ya minibasi. Penti anali atauma, zidole zoveka madiresi zinali zitafika, riboni yofiira inali m'chikwama. Wodula riboniyo anali atamusankha kalekale: bambo ake, a Dalton, telala wa pakhonde pa sitolo ya nsalu ya a Fahim, chapafupi ndi msika.

A Dalton anavomera movuta, monga achitira akuluakulu akakhala kuti chinthucho akuchifunitsitsa. Anati iwo ndi munthu wa pakhonde, za mariboni sazidziwa. Koma sabata yomweyo anadzisokera jekete latsopano, n'kukanoletsa sizasi yawo yaikulu ija imene salola munthu aliyense kuigwira. Makolo awo anachokera ku Milanje wa ku Mozambiki, iwo n'kubadwira ku Bangwe, ndipo moyo wawo wonse anaupalasa pa makina amodzi omwewo a phazi. Kuti mwana wawo akhale ndi chitseko chakechake mu Limbe, kwa iwo sinali nkhani yamasewera.

Koma panali kanthu kamene kankamuluma Jenifer. Makasitomala ake ambiri anawapeza pa tsamba lake la pa Fesibuku, azimayi a m'maofesi, a ku Naperi ndi ku Namiwawa, aja oyankhula Chingerezi ngakhale pogula tomato. Ena mwa iwo ankaganiza kuti Jenifer anaphunzira kusoka ku Joni, ndipo iye sanawauzepo kuti ayi. Madiresi ake pa tsambalo ankavala ndi mtsikana wamtali wa Fomu 3, dzina lake Chisangalalo. Makasitomala akati, "Mng'ono wanuyu ndi chiphadzuwa," Jenifer ankangoti, "Zikomo." Chisangalalo sanali mng'ono wake. Anali mwana wake, amene anamubereka iye ali Fomu 2. Kunyumba ankamuitana kuti mami, pamaso pa makasitomala asisi, ndipo mwanayo anazolowera kusintha ngati mmene munthu asinthira nsapato pakhomo.

M'mawa umenewo Jenifer anafuna kuti anthu awadziwe bambo ake Loweruka lisanafike. Anasankha chithunzi chimene Chisangalalo anawajambula ali pa makina, mutu ataweramitsa, tepi ili m'khosi. Anachichotsa mtundu n'kukhala chakuda ndi choyera, poti chotero chinkaoneka chapamwamba. Kenako anayamba kulemba mawu operekeza chithunzicho. Analemba kuti "Awa ndi bambo anga," n'kufufuta. Analemba kuti "Amene anandiphunzitsa kusoka," n'kufufutanso, chifukwa wina akanafunsa kuti liti, ndipo funso limenelo limakoka linzake. Pomaliza anakumbuka kanyimbo kamene a Dalton anapeka okha, kamene ankamuyimbira iye akawononga nsalu. Analemba mzere umodzi wokha:

"Usalire mwanawe, mawa kukacha tisoka china."

Anaikapo timanja topemphera, n'kuponya. Kwa iye mzerewo unali utanena zonse, ndipo misozi inalengeza m'maso. Foni anaiika pa chaja kuseri, n'kukwera pa makwerero kukapachika makatani akuyimba.

Tsono apa ndiye pamene mtsikana wanzeru ngati Jenifer anandikhumudwitsa. Munthu wokulira mu Blantyre muno sungaiwale kuti chithunzi cha munthu wachikulire sitimachiika pa Fesibuku popanda chifukwa. Chikakhala cha mitundu, nkhalamba ili ndi keke, ndiye kuti ndi tsiku lobadwa. Chikakhala chakuda ndi choyera, palibe dzina, palibe kufotokoza, pali mzere wa nyimbo ndi timanja topemphera, ndiye kuti anthu akatenge zitenje. Palibe amene analemba lamulo limeneli, koma tonse timalitsata kuposa malamulo a pamsewu.

Makatani asanathe, chitseko chinatseguka mwamphamvu. Analowa Kulusumu, mnzake wa Jenifer amene amagulitsa mafuta odzola ndi mawigi pa shopu yoyandikana nayo. Mpango unali utapendekeka, nkhope yonse misozi.

"Amwali! Mpaka ine kumvera pa foni? Khoma limodzi lomweli, osagogoda n'komwe? Ndiye mwakwera pamwambapo mukutani? Tsikani, mungagwe!"

"Nditsikirenji? Chachitika n'chiyani?"

"Iii, mutu wabalalika ndithu," anatero Kulusumu, akumugwira miyendo. "Tsikani amwali, ine ndatseka kale kwanga. Atisiya nthawi yanji adadi?"

Jenifer anatsika makwerero osadziwa kuti waponda pati. Anathamangira kuseri n'kuzula foni pa chaja. Inali yotentha ngati mbatata yootcha. Anthu oimba osayankhidwa anali mndandanda wosatha, mauthenga akulowabe. Pansi pa chithunzi paja makomenti anali atasefukira. "Mzimu wawo uuse mumtendere." "Pepani asisi, limbani mtima." "Mwambo uli kuti, ku Bangwe kapena kumudzi?" Wina anali atajambula kale chithunzicho n'kuchitumiza ku gulu la Watsapu la mphakati wa ku tchalitchi cha a Dalton, wina ku gulu la matelala a mu Limbe, ndipo kumeneko chinali chitamera dzina ndi kandulo zimene Jenifer sanaikepo.

"Sanamwalire!" anakuwa. "Ababa ali moyo! Ndi nyimbo chabe!"

Kulusumu anasiya kulira pakati pa mpweya. Anamuyang'ana Jenifer kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nyimbo chabe? Iwe Jeni, ndiwe mlendo m'tauni muno? Misozi yanga yonseyi, ndi maikapu omwe ndawononga, nyimbo chabe?"

Jenifer anayesa kuimbira bambo ake. Kafoni kawo ka mabatani kanangolira osayankhidwa, poti a Dalton amakaika m'kabati ya makina pamodzi ndi mabatani enieni, ndipo makina akamalira samva kanthu. Apa mantha anamugwira. Anthu akachuluka kunena kuti bambo ako amwalira, nawe umayamba kukayika. Anatseka shopu, awiriwo n'kuliyatsa liwiro kutsetsereka mu Limbe, akulumpha ngalande, akuzemba makabaza, Kulusumu atanyamula nsapato m'manja.

Ali chapatali anaona gulu pa khonde la a Fahim, Jenifer n'kuima chilili. Kenako anamva kuseka. Pakati pa gulupo panali a Dalton, amoyo ndithu, magalasi ali pamphuno, atagwira foni ya telala mnzawo ndi manja awiri. Mayi wina amene anabwera kudzatenga diresi lake lisanasowe pa chipwirikiti cha maliro anali atakhala pansi akudzikupiza ndi chitenje, chifukwa malemuwo ndi amene anamupatsa moni. A Fahim anali pakhomo la sitolo akuuza aliyense kuti foni yawo yalira m'mawa wonse, ndipo aliyense woimba amamuyankha kuti, "Akusoka pompano, ndikuwaona ndi maso angawa."

"Bwera Jeni!" anaitana a Dalton. "Bwera udzamve maliro anga mmene akuyendera. Akuyenda bwino kwabasi!"

Ndipo anali osangalala zenizeni. Ankawerenga komenti iliyonse mokweza, chala chikutsata mawu. Bambo wina wa ku banki analemba kuti suti yake ya ukwati inasokedwa ndi a Dalton ndipo mpaka pano ikumukwana.

"Akunama ameneyu, ali ndi chimimba tsopano, ndinamuona," anatero a Dalton, gulu lonse n'kufa nazo.

Mayi wina analemba kuti a Dalton anamusokera yunifolomu ya mwana wake tsiku loti mawa sukulu ikutsegulidwa. Wina anati anali munthu wosakwiya. Apo matelala anzawo anatsutsa onse pamodzi. Kenako kafoni ka m'kabati kanamveka. Anali mayi wa nyumba yoyandikana ndi ya a Dalton ku Bangwe, amene anaimba kuti amve ngati foniyo ili ndi Jenifer. Atamva mawu a a Dalton anakuwa mpaka onse pakhondepo anamva. Atapezanso mpweya ananena kuti azimayi a mphakati asesa kale pabwalo, mipando aitulutsa, ndipo anyamata aika masamba pamsewu.

"Auzeni achotse masambawo," anatero a Dalton. "Koma pabwalopo apitirize kusesa, panali pakuda."

Jenifer anagwada pambali pa makina, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Anapepesa, nati akonza pompano, achifufuta chithunzicho.

"Kufufuta sikuthandiza," anatero Kulusumu, akuvala nsapato. "Zili kale pa Watsapu, kumeneko sungazitsatire. Ukafufuta anthu aziti abale akangana za mwambo. Konza mawu pa chakalecho, kenako uponye chatsopano, cha mitundu, adadi akuoneka kuti akupuma. Ndipo nyimboyo ichoke."

"Nyimbo isachoke," anatero a Dalton.

Anabweza foni kwa mwini wake, n'kuvula magalasi. Kuseka kuja kunali kutatha pankhope pawo. Anawauza anthu kuti maliro atha, aliyense abwerere ku ntchito, ndipo gulu litabalalika anatembenukira kwa mwana wawo.

"Nyimbo ilibe mlandu. Ine ndawerenga zonsezi, Jeni. Wa suti walemba za suti yake. Wa yunifolomu walemba za mwana wake. Anthu oti nkhope zawo ndinaziiwala, aliyense wanena chimene ine ndili kwa iye. Nanga iwe walembapo chiyani?"

"Ndalemba nyimbo yanu, ababa."

"Nyimboyo ndi yanga. Ndikufunsa zako."

Jenifer anayang'ana pansi, pa tizidutswa ta nsalu.

"Ngakhale kuti awa ndi bambo anga sunalembe," anapitiriza a Dalton. "Waimika nyimbo kutsogolo, iwe n'kubisala kumbuyo kwake. Anthu akapanda kukuona iweyo, amaikapo zawo, ndiye aikapo bokosi. Nyimbo imeneyi ndinayimbira ndani? Unali utakhala pati? Unali ndi chiyani kumsana?"

Jenifer anatola kachidutswa kamodzi ka nsalu n'kuyamba kukapindapinda.

"Loweruka upeze wina," anatero a Dalton, akubwezera phazi pa makina. "Munthu wakufa sangakadule riboni. Ukandidzutse komwe wandipherako, ndi mawu ako, ndiye ndibwera."

Zinamuwawa Jenifer, ndipo zinamuwawa chifukwa ankadziwa kuti bambo ake saopseza. Akati sabwera, jekete lija likhala pa msomali mpaka Khirisimasi. Anakhala pa benchi ya makasitomala foni ili m'manja. Mawu akale anawakonza msanga, n'kulemba pamwamba kuti bambowa ali moyo, pepani chifukwa cha chisokonezo. Zimenezo zinali zophweka. Koma mawu atsopano aja ankafuna makasitomala a ku Naperi adziwe zimene iye anazikwirira zaka zonsezi, ndipo chala chinkakana.

Ali chikhalire choncho, anamva mapazi othamanga. Anali Chisangalalo, mu yunifolomu, chikwama chikulendewera phewa limodzi. Aphunzitsi ena anali atamuitanira ku ofesi n'kumuuza mwaulemu kuti apite kunyumba, kwagwa zovuta, ndipo mu minibasi yonse anabwera akulira. Ataona agogo ake akupalasa makina anawagwera m'khosi mpaka singano inathyoka.

"Anganga! Anganga inu!"

"Ndadzuka, ndadzuka, usandiphenso," anatero a Dalton.

Mtsikanayo atamva mmene zinayambira, anatembenukira kwa Jenifer. Anayang'ana uku ndi uku kaye, monga anazolowera, kuti aone ngati pali kasitomala, ndipo poona mayi wa diresi uja akadali pomwepo anati, "Asisi, mwatani kodi?"

Mawu amenewo Jenifer anali atawamva kambirimbiri, koma tsiku limenelo anamulasa. Mwana wake, maso ali otupa ndi kulira, anali atakumbukirabe kunama m'malo mwake. Anamukokera pa benchi.

"Chisa, agogo ako akufuna ndilembe za nyimbo ija. Koma sindingalembe popanda iwe, ndipo nkhaniyi ndi yakonso. Anzako a kusukulu awerenga. Ukakana, sindilemba."

Chisangalalo anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Anzanga onse amadziwa kuti ndinu mami anga. Osadziwa ndi makasitomala anu okha. Ine ndinatopa nazo zokhala mng'ono wanu."

Ndiye Jenifer analemba, pomwepo pa benchi, Kulusumu atasuzumira paphewa ngati woyang'anira mayeso. Atayamba ndi mzere wa nyimbo, Kulusumu anamumenya padzanja.

"Ayi! Anthu amawerenga mizere yoyamba yokha, zotsalazo mpaka adine kuti aone zambiri, ndipo ambiri sadina. Ukayambanso ndi nyimbo, tikagula bokosi. Yamba ndi iweyo. Nyimbo ibwere anthu atadziwa kale kuti inayimbidwa pati."

Jenifer anafufuta n'kuyambanso. Anayesa Chingerezi, chinamuthera panjira, n'kubwerera ku Chichewa. Atamaliza, Chisangalalo anawajambula onse atatu ndi dzanja lake lalitali lija, a Dalton ali pakati atakweza sizasi, mano onse pamtunda, kumbuyo kukuoneka nsalu za a Fahim za mitundumitundu. Kenako Jenifer anaimirira n'kuwawerengera bambo ake:

"Bambo anga ali moyo, ndipo ndi awa. Dzina lawo ndi a Dalton, telala wa pakhonde ku Limbe. Winayu ndi Chisangalalo, mwana wanga, osati mng'ono wanga. Ndinamubereka ndili Fomu 2. Ndinasiya sukulu, ndinkachita manyazi ngakhale kukatunga madzi. Tsiku lina ababa anandiuza kuti bereka mwanayo, tiye ku ntchito. Anandikhazika pa benchi pakhonde, Limbe yense akudutsa, n'kundipatsa malaya kuti ndiike mabatani. Anthu otidziwa akaima n'kumandiyang'ana, ababa ankawapatsa moni mokweza n'kunena kuti uyu ndi mwana wanga, uyo ndi mdzukulu wanga, dzina ndamutcha ndine. Diresi langa loyamba ndinalidula molakwika, nsalu ya eni ake. Ndinalira, ndipo sindinkalirira nsalu yokha. Ababa sanandikalipire. Anapitiriza kupalasa makina akuyimba kuti, usalire mwanawe, mawa kukacha tisoka china. Ku Joni sindinapiteko. Sukulu yanga ndi benchi imeneyo. Loweruka tikutsegula shopu, ndipo riboni adula ndi iwowa, ngati andikhululukira."

A Dalton anamvetsera mutu uli pansi, akulowetsa ulusi pa singano yatsopano, ndipo ulusiwo unkangophonya.

"Palakwika pamodzi," anatero. "Sanali malaya. Inali buluku ya a Fahim."

"Ndikonze?"

"Siya. Ponya."

Jenifer anatseka maso n'kuponya. Foni inayambanso kutentha nthawi yomweyo, koma iye anaipereka kwa Kulusumu, poti analibe mtima woti awerenge. Kulusumu ankangokuwa, "Iii! Amwali! Tamverani iyi!" Ambiri ankaseka za maliro aja, ena ankati abwera Loweruka kudzaona munthu wouka kwa akufa. Mayi wina wa ku ofesi, kasitomala wamkulu, analemba kuti nayenso anabereka ali pa sukulu ndipo sanauzepo anzake a kuntchito. Sikuti onse anakondwa. Panali wina amene analemba kuti zinthu zina n'zosafunika kuziyanika pagulu, ndipo mayi wina amene ankafuna madiresi a aperekezi a ukwati anangozimiririka osayankhanso mauthenga. Zimenezo zinamupweteka Jenifer, sindinganame.

Loweruka kunacha bwino. Pofika nthawi yotsegula, khonde la shopu linali litadzaza mpaka mumsewu. Kunabwera azimayi a ku Naperi ndi magalasi awo a dzuwa, matelala a pakhonde atavala masuti osoka okha, ndi azimayi a mphakati a ku Bangwe, amene anati popeza anasesa kale, sangalephere kudzadya. Kulusumu anatulutsa sipika yake n'kudziika yekha kukhala woyendetsa mwambo. Riboni anaimanga pachitseko. Koma wodula sankaoneka, ndipo Jenifer ankangosuzumira kumsewu, poti bambo ake anangoti ponya, sananene kuti abwera.

Kenako nthungululu zinayambira kumunsi. A Dalton ankakwera mtunda pang'onopang'ono, dala, mu jekete latsopano, akugwira chanza aliyense ngati phungu, sizasi itakulungidwa mu kansalu kukhwapa. Matelala anayamba kuyimba kanyimbo kaja, azimayi a mphakati n'kulandira, ndipo posakhalitsa ngakhale a magalasi a dzuwa ankawomba m'manja.

Atafika pa riboni anamasula sizasi, n'kuima. Anayang'ana m'gulumo.

"Mdzukulu wanga ali kuti? Agwire mbali iyi, riboni ikulendewera."

Chisangalalo anali mkati, akukonza diresi pa chidole. Anatulukira pansi pa riboni n'kugwira mbali imene anauzidwa. Mbali inayo inalibe munthu, chifukwa Jenifer anali ataima kumbuyo kwa Kulusumu akupukuta m'maso. Mtsikanayo sanayang'ane uku ndi uku. Anakweza mawu pamwamba pa sipika, pamaso pa makasitomala onse.

"Mami! Bwerani mugwire uko, anganga akudikira!"

Jenifer anadutsa pakati pa anthu n'kukagwira.